Harare mpaka ku Ntcheu pa basi ndili ndi mwana, nditsikire pati?

NaBanda_wa_Epworth
Moni nonse pagulu. Ndikufuna kupita kumudzi ku Ntcheu sabata ya mawayi, mayi anga sakupeza bwino. Ndili ndi mwana wa zaka 5. Ulendo womaliza ndinapita ndili kamtsikana ndi malemu bambo, onse anayendetsa ndi iwowo ine ndimangogona mmbuyo ndiye palibe chomwe ndikukumbuka kupatula kutentha. Pano ena akuti kwera basi ya ku Blantyre pa Rodipoti, ena akuti ayi pita pa Mbare ukwere zodumphadumpha ndi zotchipa, ena akuti dzera ku Dedza. Mutu wanga wazungulira. Ndikwere iti, nditsike pati, ndipo nditenge chani? Katundu ndi mashangani awiri ndi kachikwama kakumanja.

Mphwanga77
Pepani ndi matendawo achemwali. Kwerani ya dailekiti basi, zinazo musamvere.

Nsima_Yagona
Dailekiti ndi ya anthu a ndalama. Ine chaka chilichonse ndimadumpha ndipo ndimafika bwinobwino.

Mphwanga77
Iwe umayenda ndi kachikwama kamodzi kamene kamakhala ndi jini ndi tchaja. Wawerenga kuti ali ndi mwana ndi mashangani awiri?

Anti_wa_Zitenje
NaBanda, pepani, Mulungu awakhudze mayiwo. Ine njira imeneyi ndimayenda pafupipafupi chifukwa cha geni ya zitenje ndiye ndikuuzeni momwe imakhalira, mukasankhe nokha.

Choyamba ikani mmutu kuti Malawi ndi Zimbabwe sanagundane. Pakati pali Mozambique, chigawo cha Tete, ndiye maboda ndi awiri koma maofesi ndi anayi. Mukachoka mu Harare mudutsa Murewa, Mutoko, Kotwa mpaka Nyamapanda, makilomita pafupifupi 240. Pamenepo mudinditsa kutuluka Zimbabwe, muyenda pansi pang'ono kufika mbali ya Mozambique yomwe amati Kuchamano, mudinditsa kulowa. Kenako Changara, Tete, kuwoloka Zambezi, Mowatize, mpaka Zobwe kudinditsa kutuluka. Kenako Mwanza kudinditsa kulowa kwathu. Zidindo zinayi popita, zinayi pobwera. Ulendo wonse mpaka Blantyre ndi makilomita cha mma 600, pa mapu ndi pafupi koma chimadya nthawi ndi mizere ndi kutsitsa katundu, tsiku lonse limathera pamenepo.

Ndiye poti mukupita ku Ntcheu musakafike ku Blantyre ayi. Msewu wochokera ku Mwanza umakakumana ndi M1 pa Zalewa, pafupi ndi mlatho wa Shire. Basi ikakhotera kumanja ikupita ku Blantyre, inu mukufunika kumanzere, njira ya ku Balaka, Ntcheu, Dedza, Lilongwe. Mukangogona nkudzidzimuka muli pa Wenela ndiye kuti mawa mudzabwereranso makilomita pafupifupi 60 omwewo kudzadutsa pa Zalewa pomwepo, ndalama ziwiri. Muuzeni kondakitala muli mu Harare momwemo kuti ndikatsika pa Zalewa, kuti mashangani anu awaike kukhomo kwa buti osati kunsi kwa mafiriji a anthu.

NaBanda_wa_Epworth
Zikomo anti, izi ndiye ndamva. Koma pa Zalewa ndikafika nthawi yanji? Ndikuopa kutsika usiku ndi mwana.

Anti_wa_Zitenje
Limenelo ndiye funso lenileni ndipo palibe angakulonjezeni. Basi yonyamuka mmamawa mu Harare ikayenda bwino pa Mwanza imafika chakumadzulo, koma tsiku lina mumapezeka munthu mmodzi mu basi mapepala ake sali bwino kapena wanyamula katundu wambiri wofuna msonkho ndiye nonse 60 mukhala pansi kumudikira. Ine ndimachita chonchi, ndikatuluka pa Mwanza ndimayang'ana dzuwa. Ngati kukadali kowala nditsika pa Zalewa, maminibasi ndi masiyenta a ku Ntcheu amapezeka. Ngati kwada ndingopitirira ku Blantyre kukagona kwa abale kapena mu basi momwemo mpaka kuche. Ndi mwana ndi mashangani awiri musaime pamphambano usiku, 60 kilomita ija ikhale yotayika basi.

Wa_ku_Lizulu
Koma anthu inu bwanji mukumuzunguliritsa munthu? Wa ku Ntcheu adzere ku Dedza. Ukadutsa Mowatize kutsogolo kuli mphambano yokhotera ku Angonia, umadutsa Ulongwe nkukatulukira pa Kalomwe, mbali yathu ndi boda ya Dedza. Kuchoka apo Ntcheu ndi kungotsetsereka.

Dalaivala_Wakale
Zimatengera Ntcheu yake iti bwana. Ntcheu ndi yaitali. Ngati kwawo ndi ku Lizulu kapena Mlangeni inde Dedza ili pafupi. Koma ngati ndi cha ku Manjawira, Senzani, Nsipe, kumeneko Zalewa ndiye yabwino. Ndiponso ya ku Dedza akwere basi yolembedwa Lilongwe ndipo afunse kaye, chifukwa zina zolembedwa Lilongwe zimadzerabe pa Mwanza. Ikakhala yotero ndiye mwayi wake, imadutsa pa Ntcheu boma penipeni sasinthanso galimoto.

NaBanda_wa_Epworth
Kwathu ndi cha ku Nsipe bambo.

Dalaivala_Wakale
Basi ndiye nkhani yatha. Funsani pa Rodipoti ngati pali ya Lilongwe yodzera Mwanza tsiku lomwe mukufunalo, imeneyo ikakutulani pafupi ndi kwanu. Ikasowa tengani ya Blantyre mutsike pa Zalewa monga anena antiwo.

Wa_ku_Lizulu
Chabwino ndagonja, koma ya Dedza kumazizira bwino.

Nsima_Yagona
Ndiloleni ndifotokozebe zodumphazo poti munthu anafunsa, mwina wina zimuthandiza. Umadzuka 4 koloko kupita pa Mbare, umakwera basi kapena kombi ya Nyamapanda. Uonetsetse kuti ikukafika pa boda penipeni chifukwa ena amakuuza Nyamapanda koma akakutula pa Mutoko kapena Kotwa nkukugulitsa kwa anzawo. Ukadinditsa mbali zonse umapeza timaminibasi ta ku Mozambique, eniake amati shapa, topita ku Tete, nthawi zina umasinthanso pa Changara. Mu Tete umasaka ina ya ku Zobwe. Pa Zobwe ukadinditsa pali kamtunda ndithu kukafika pa ofesi ya Mwanza, makilomita angapo, si poyenda pansi ndi katundu, umakwera kabaza wa njinga yamoto kapena kagalimoto. Ukatuluka geti ya Mwanza minibasi ya Blantyre, utsike pa Zalewa. Ubwino wake sudikira katundu wa anthu ena, ukadinditsa wako wapita.

Mphwanga77
Tawerenga wekha, kombi, shapa, shapa ina, kabaza, minibasi, minibasi ina. Magalimoto 6. Paliponse shangani lililonse amalilipiritsa ngati munthu. Kutchipa kwake kuli pati?

Nsima_Yagona
Kwa ine kumatchipa.

Anti_wa_Zitenje
Nsima sakunama, njirayo ndi yomweyo ndipo inenso ndinayendapo basi itandithawa. Koma pali ziwiri sananene. Shapa sinyamuka isanadzaze, ndipo kudzaza kwake si kwa kuno, mzere wa anthu atatu amakhala anayi kapena asanu ndipo mwana ali pamiyendo, mu Tete momwe mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ine ndinakhalapo mu shapa maola awiri itangoima tikudikira anthu atatu, pulasitiki ya mpando kumata kumsana, botolo la madzi lomwe ndinagula lozizira linasanduka ngati la tiyi. Chachiwiri ukachedwa pa Tete umakafika pa Zobwe usiku ndiye ugona pakhonde. Mu basi yaikulu mukachedwa mumagona mu basi momwemo chitseko chotseka, muli gulu. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Gogo_Mufakose
Ana inu mukudandaula maola awiri. Ife nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique njira ya Tete imeneyi magalimoto amayenda pamndandanda ndi asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ena timaopa timazungulira ku Chirundu, Lusaka, Chipata kukalowera ku Mchinji. Masiku atatu. Nkhondo inatha 1992 ndipamene tinayamba kupuma.

Kamnyamata_ka_Mbare
Agogo mwayambapo mbiri kkkk

Gogo_Mufakose
Iwe unabadwira pa Mbare sudziwa kanthu. Agogo ako anabwera kuno wapansi.

Tate_wa_Awiri
Tibwerere kwa mwanayo chifukwa mwadumpha chachikulu. NaBanda mwana ali ndi pasipoti yakeyake? Ndipo bambo ake akupita nawo?

NaBanda_wa_Epworth
Ali nayo ya Zimbabwe, anabadwira kuno. Ine yanga ndi ya Malawi. Bambo ake atsala ku ntchito.

Tate_wa_Awiri
Ndiye mverani zomwe zinatichitikira ife. Akazi anga anapita ndi wamkuluyu ali ndi zaka 7, chimodzimodzi mayi pasipoti ya Malawi mwana ya kuno, maina a kumapeto osiyana poti mayi akadali ndi dzina la kwawo. Pa ofesi ina anawafunsa kuti mwanayu ndi wanu, umboni uli pati? Analibe kalikonse mmanja, satifiketi yobadwira tinaisiya mu sutikesi pamwamba pa wadiropu, kulakwa kwathu. Anawaika pambali, basi yonse kudikira, kondakitala kukalipa, ine kuno ndikuthamanga kuchoka ku ntchito kukajambula pepalalo nkutumiza pa foni. Anadutsa koma mayi anafika kumudzi BP ili mmwamba. Kuyambira pamenepo timanyamula satifiketi yobadwira ija yaitali yolembedwa maina a makolo onse, kalata yolumbira yoti ine bambo ndavomera mwana ayende yodindidwa kwa komishonala wa malumbiro, ndi fotokope ya chitupa changa. Nthawi zina safunsa nkomwe. Koma tsiku lomwe afunse mulibe ndiye mudzalidziwa.

NaBanda_wa_Epworth
Eee izi sindimaziganizira nkomwe. Mawa ndiwakoka bambo akewo tipite mtauni.

Mlongo_Chitungwiza
Nanga viza ya ku Mozambique ndi ndalama zingati pano? Msuweni wanga anati analipira.

Dalaivala_Wakale
Pasipoti ya Malawi kapena ya Zimbabwe sifuna viza podutsa ku Mozambique. Msuweni wanuyo mwina anapatsa munthu wina wongoyendayenda panja. Pa boda pamakhala anyamata amakuthamangira mukangotsika, bwera nayo pasipoti ndikudinditsire msanga. Musapereke. Imani pamzere nokha, pawindo muonekere nkhope yanu. Ndipo chilichonse chomwe akuti lipirani, funsani lisiti.

Mlongo_Chitungwiza
Koma iye akuti analipira pawindo penipeni.

Dalaivala_Wakale
Mufunseni ngati ali ndi lisiti tione chomwe analipira.

Anti_wa_Zitenje
Pa nkhani ya pasipotiyi ndiwonjezere chinthu chimodzi chomwe ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse. Akakubwezerani pasipoti musangoiponya mchikwama nkuthamangira basi. Imani pomwepo, tsegulani, onani ndi maso anu kuti chidindo chilipo ndipo deti ndi la lero. Yanu ndi ya mwana, zonse ziwiri. Makamaka cholowera ku Mozambique. Chifukwa chake nchoti wa pa Zobwe asanakudindireni kutuluka amasaka kaye cholowera, chikasowa ndiye kuti pamaso pake mwalowa mdziko mozemba, ndipo ofesi yomwe ikanakonza ili makilomita oposa 250 kumbuyo kwanu. Ndinaona mayi wina tinakwera naye, anapereka mapasipoti atatu pamodzi, yake ndi za ana, ziwiri zinadindidwa imodzi masamba anamatana sinadindidwe, iye osayang'ana. Tinamusiya pamenepo akulira, katundu wake tinamutsitsira. Kuyang'ana kwake ndi masekondi 10 okha.

Onaninso masiku omwe akupatsani. Inu pa Mwanza mukulowa kwanu palibe vuto, koma mwanayo ndi pasipoti ya Zimbabwe akulowa ngati mlendo, amulembera masiku. Matenda sadziwika, mukaona kuti mukhalitsa pitani ku imigireshoni mukawonjezere asanathe. Ndipo pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, ndi masamba opanda kanthu, paja ndati zidindo 8.

Kamnyamata_ka_Mbare
Nanga amene pasipoti inatha kalekale? Ndikufunsira mnzanga.

Mphwanga77
Mnzako dzina lake Kamnyamata kkkk

Tate_wa_Awiri
Apite ku embase ya Malawi konkuno ku Harare akafunse chikalata choyendera mwadzidzidzi. Koma adziwe kuti chimenecho ndi chokafikira kumudzi, asaganize kuti azingoyendera ngati pasipoti. Ndipo ngati anapitirira masiku kuno imeneyo ndi nkhani ina, akaikonze asanakwere basi.

Nsima_Yagona
Makondakitala amadziwa njira zake.

Dalaivala_Wakale
Njira zimenezo ndi zomwe zimachedwetsa basi yonse. Tisaphunzitsane zimenezo pano.

NaBanda_wa_Epworth
Nanga ndalama nditenge zanji? Ndili ndi madola ndi zigi pang'ono pa foni.

Anti_wa_Zitenje
Zigi ithereni konkuno, mukangodutsa Nyamapanda palibe akuidziwa, za pa foninso chimodzimodzi. Tengani madola koma ang'onoang'ono, ma 1 ndi ma 5 ambiri, ndipo akhale oyera. Aja akuda ong'ambika omata ndi selotepu omwe timapatsana mu kombi kuno, kunja amawakana kapena akudulani mtengo. Pa basi ya dailekiti metikali mungofuna yochepa, ya madzi, chimbudzi ndi kachakudya. Makwacha sinthani okwana minibasi ya pa Zalewa ndi kabaza wokafika kumudzi, zotsalazo mukasinthe modekha mukafika.

Osintha ndalama a pa boda ali ndi manja ofulumira. Mugwirizane mtengo kaye, muwerengere pa foni yanu osati pa kakyuleta yake, alandire dola yanu pomaliza inu mutawerenga makwacha mmanja mwanu. Akati tabweretsani ndiwerengenso, dziwani kuti pobwerera mpukutuwo wachepa. Ndalama musaike malo amodzi, zina mkati mwa chitenje.

Mlongo_Chitungwiza
Ine anandipatsa mpukutu pamwamba ma 2000 kwacha mkati ma 200. Ndinazindikira tili pa Lunzu.

Gogo_Mufakose
NaBanda mwanawe, za mapepala akuuza anzakowa. Ine ndikuuze za mthumba. Madzi ambiri, uwaumitse mufiriji usiku kuti pofika ku Changara akhale akusungunuka. Chakudya cha mwana phika wekha, mazira owiritsa, mbatata, buledi, osati za mayonezi zimasasa ndi kutentha kuja. Tishu, kasopo, chitenje chapadera, juzi ya mwana chifukwa ku Tete muphika koma ku Ntcheu usiku kumazizira. Bolopeni yakoyako yolembera mafomu, pa boda bolopeni imasanduka golide. Ndipo kumudziko mukagone mu neti, mwana wobadwira mu Harare malungo sawadziwa, akangotentha thupi ngakhale mutabwerako kale uwauze a chipatala kuti tinali ku Malawi.

NaBanda_wa_Epworth
Zikomo agogo, za neti ndalemba.

Tate_wa_Awiri
Mapepala onse akhale mkachikwama kakumanja, osati mu shangani. Mu Mozambique apolisi a pamsewu amatha kukwera mu basi kufuna kuona pasipoti, ikakhala ili mu buti pansi pa katundu ndi mavuto. Ndipo pa mlatho wa Zambezi ndi pa maofesi musajambule zithunzi, mwana asamaseweretse foni pawindo.

Kamnyamata_ka_Mbare
Ine ndinajambula pa mlatho wa Samora Machel palibe anandigwira.

Mphwanga77
Iwe si uja ulibe pasipoti?

Mlongo_Chitungwiza
Nanga katundu pa Mwanza amatsitsa yense? Ndikufuna ndimupatsire NaBanda kaphukusi ka mayi anga ku Balaka poti ndi njira yomweyo.

Anti_wa_Zitenje
Amatsitsa, aliyense amaima pambali pa chikwama chake a MRA nkumaona. Zovala zanu ndi tinthu ta kunyumba tochepa sizivuta, chomwe amayang'ana ndi zinthu zatsopano zambiri zamtundu umodzi zooneka kuti ndi za geni, ndiye ngati mwagula chatsopano sungani lisiti. Pobwera a ZIMRA pa Nyamapanda ndi chimodzimodzi. Za kaphukusizo mugwirizane nokha awiri, koma ine lamulo langa ndi loti sindinyamula chomwe sindinachione mkati. Mlongo musakhumudwe, mukatsegule pamaso pake mumangire limodzi.

Mlongo_Chitungwiza
Ndi shuga ndi mafuta odzola basi, ndidzatsegula.

NaBanda_wa_Epworth
Bweretsani Mlongo bola kasalemere, manja ndi awiri omwewa wina agwire mwana. Ndapita pa Rodipoti masanawa, ya Lilongwe yodzera Mwanza akuti siyenda tsiku lililonse ndipo tsiku lomwe ilipo ndi mochedwa kwa ine, ndiye ndagula ya Blantyre ya Lachiwiri. Kondakitala ndamuuza za Zalewa wati ndidzamukumbutse pokweza katundu. Achimwene anga akuti adzandidikira pa Zalewa pomwepo ngakhale kude, ndiye vuto ndi loti ndidzawauza bwanji kuti tafika pati, laini yangayi ikagwira kumeneko?

Dalaivala_Wakale
Ya kuno imathera cha pa Nyamapanda pokhapokha mutatsegula roming'i. Mu Mozambique muwerengere kuti mulibe foni. Mukayandikira Zobwe netiweki ya Airtel ndi TNM imayamba kugwira, pemphani mnzanu wa pampando amene ali ndi laini ya ku Malawi muimbe kamodzi muli pa Mwanza. Kuchoka pa geti kukafika pa Zalewa ndi pafupifupi ola limodzi, achimwenewo ayambe kuwerengera pamene basi yatuluka geti osati pamene yafika, apo ayi adzaima pamenepo mpaka miyendo kutupa. Nambala yawo lembani papepala.

Nsima_Yagona
Mukanadumpha bwenzi mutafika dzuwa likadalipo.

Anti_wa_Zitenje
Nsima tapuma. NaBanda Lachiwiri inenso mwina ndikhala pa Rodipoti kutumiza katundu, mukaona mayi wonenepa wa duku lofiira akukangana ndi kondakitala ndi ineyo, mudzandipatse moni ndione mapepala a mwanayo musanakwere.